Kapekedwe ka kanyimbo kotsatsira malonda a pamsika: uthenga umodzi, mizere inayi

Sabata siitha osabwera munthu ku kachipinda kanga kojambulira mawu ndi pepala m'manja. Pepalalo limakhala lodzaza mbali zonse ziwiri: dzina la bizinesi, katundu yense amene ali pabenchi, mitengo yake, nambala ziwiri za foni, nthawi yotsegulira, mwinanso ndi vesi pansi pake. Funso limakhala limodzimodzi: "Mungandiikire zimenezi m'kanyimbo koti anthu azibwera?" Ndayankha kambirimbiri, ndipo yankho langa silisintha, choncho ndaganiza zolilemba kamodzi kuti aliyense wofuna adziwerengere. Zambiri mwa izi mungachite nokha ndi foni, manja anu awiri ndi mnzanu mmodzi wa mawu abwino.

Ndikuyendetsani ndi chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndi cha mayi ena ogulitsa usipa pamsika wina kuno ku Lilongwe, amene amakapikula nsomba zawo ku Salima. Pamzere wawo pali mabenchi a usipa oposa khumi, milu yake yofanana, mitengo yofanana.

1. Yambani mwadziwa komwe kanyimboko kazikamveka

Musanalembe liwu ndi limodzi lomwe, dziwani chimene chidzakaimba. Ambiri a pamsika amagwiritsa ntchito kachimkuzamawu ka m'manja, kaja amayenda nako ogulitsa mankhwala a makoswe ndi mphemvu, kamene kamajambula mawu n'kumawabwereza kokha. Ena amafuna koika pa WhatsApp, ena kopita nako ku wailesi ya m'dera lawo.

Munthu wa pamsika akuyenda, wanyamula jumbo, mwana akumukoka chitenje. Kuchokera pomwe wayamba kumva chimkuzamawu chanu kufika pomwe wadutsa benchi lanu, sipapita nthawi. N'chifukwa chake ine ndimapeka kanyimbo ka masekondi 10 mpaka 15, osapitirira. Kakakhala kotalika, wodutsayo amangomva pakati pake, osadziwa mutu kapena mchira. Mukadzafuna ka pa wailesi, mudzatenga komweka n'kukaimba kawiri.

2. Sankhani chinthu chimodzi choti munthu apite nacho kunyumba

Apa ndi pomwe timakangana kwambiri ndi eni malonda, ndipo ndimawamvetsa. Munthu waika mpamba wake wonse pabenchipo, ndiye kusiya kutchula bonya, matemba ndi mchere kumamupweteka ngati wasiya mwana pakhomo. Koma khutu la wodutsa limanyamula chinthu chimodzi. Mukalipatsa zisanu limataya zonse.

Mayi a usipa aja anabwera ndi mawu akuti "usipa wabwino, wotchipa, wokoma, bwerani nonse." Ndinawafunsa kuti pamzere wawo ndani amene amati usipa wake ndi woipa kapena wodula. Palibe. Ndiye kuti mawu amenewo ndi a mzere wonse, ndipo mukawaimba mukutsatsira aliyense. Uthenga wanu uyenera kukhala umene mnzanu wa benchi loyandikana sangaunene osachita manyazi.

Njira yopezera uthengawo si kukhala pansi n'kumaganiza. Kumbukirani zimene makasitomala obwerezabwereza amanena akamakupatsani ndalama, kapena afunseni atatu anayi kuti, "Kodi mumadutsa mabenchi onsewa n'kufika pano chifukwa chiyani?" Mayiwa atafunsa, yankho linabwera lofanana: usipa wawo suchita kukutu m'mano. Chifukwa chake n'chakuti amapikula kwa oyanika pathandala, tebulo lija la bango kapena la ukonde limene amakweza m'mwamba kunyanja, osati woyanikidwa pansi pamchenga. Aliyense amene anaphikapo usipa akudziwa ntchito yotsuka katatu kanayi, ndi manyazi a mlendo akaluma mchenga pakati pa nsima. Uthenga unapezeka pomwepo: usipa wopanda mchenga.

Yesani uthenga wanu motere. Unenereni m'mpweya umodzi, m'mawu osapitirira anayi kapena asanu. Ngati mwaikamo "ndiponso" kapena "komanso", ndiye kuti alipo awiri, chotsani umodzi. Wosoka zovala anganene kuti yunifolomu imasokedwa tsiku lomwelo. Wogulitsa makala anganene kuti thumba lake lilibe fumbi pansi. Wokazinga mandasi anganene kuti ndi otentha kuyambira 5 koloko. Onsewa ndi malonjezo oti munthu atha kuwayesa n'kuona ngati ndi oona.

Ndipo akhaledi oona. Ndinawauza mayiwa kuti kanyimboka ndi ngongole imene azibweza tsiku lililonse. Popikula azitapa usipa wodzaza dzanja, auviike m'kambale ka madzi, autakase, n'kuyang'ana pansi pa kambaleko. Tsiku limene katundu wabwera wamchenga chifukwa wa pathandala wasowa, chimkuzamawu chikhale m'chikwama. Kutsatsa malonda monama ndi mlandu umene bungwe la CFTC, loona za chilungamo pa malonda, limalondoloza, koma pamsika chilango chimafika msanga kuposa pamenepo: mayi mmodzi akaluma mchenga, amakauza anzake onse kuchigayo, ndipo kanyimbo kanu komweko ndi kamene azikakunyozerani.

3. Onjezani malo, ndipo musaikemo mtengo kapena nambala ya foni

Uthenga ukapezeka, chotsala ndi kuuza munthu koti aime. Pamsika anthu sadziwana ndi maina olembedwa pachikwangwani. Amati "kwa mayi aja a pafupi ndi mpopi", "kuseri kwa mabutchala", "pageti la kumunsi". Tengani chizindikiro chimene anthu amagwiritsa kale ntchito polondolerana, chosasuntha. Ngati dzina la bizinesi yanu ndi lodziwika kale ndipo ndi lalifupi, liikeni. Ngati silidziwika, malo ndi amene apambane.

Mtengo usalowe m'nyimbo. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anaimba mitengo yawo anayenera kujambulanso. Usipa ndiye umasintha mtengo ngakhale kwacha itakhala chete. Asodzi amaugwira usiku ndi nyali, choncho mwezi ukamawala umavuta kugwira, ndipo nyengo ya mwera, mphepo ija ya m'miyezi yozizira, mabwato amatha masiku ali kumtunda. Mulu wa lero suli mulu wa sabata yamawa. Mtengo lembani pakatoni ndi makala.

Nambala ya foni nayo ayi. Ili ndi manambala khumi, imadya theka la kanyimbo, ndipo palibe amene amaima pakati pa msika kuti ailembe. Malo ake ndi pachithunzi cha pa WhatsApp kapena pabenchi.

4. Lumikizani mawu ndi kugunda kwa manja

Ili ndi gawo limene ambiri amalidumpha, ndipo ndi limene limasiyanitsa kanyimbo kokakamira m'mutu ndi kaja koti woimba amachita kuthamangitsa mawu kuti akwane. Khalani pansi, musafulumire.

Choyamba, musawerenge mawu, werengani maphatikizo, monga tinkachitira ku sitandade 1: u-si-pa ndi atatu, wo-pa-nda ndi atatu. Mawu a Chichewa ndi aatali. Liwu limodzi ngati "tikukulandirani" lili ndi maphatikizo asanu ndi awiri, ndipo lingadye mzere wonse lisananene chilichonse cha usipa. Pa kanyimbo ka masekondi 10 kapena 12 ine ndimalola maphatikizo 32 mpaka 40, ogawidwa m'mizere inayi yofanana kutalika.

Chachiwiri, mverani pomwe liwu limalemera. M'Chichewa timatsamira pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, makamaka pa liwu lotsiriza m'chiganizo. Nenani mokweza ngati mukuitana munthu ali patali: uSIpa, woPAnda, mCHEnga. Maphatikizo ndalemba ndi zilembo zazikuluwo ndi amene ayenera kugwera pomwe manja akuomba. Akagwera pena, womvera amamva ngati akuimba ndi mlendo amene wangophunzira kumene chinenero, ngakhale sangathe kufotokoza chalakwika.

Tsopano ombani m'manja mofanana, osathamanga, katatu pa masekondi awiri alionse, n'kumawerenga mumtima kuti 1, 2, 3, 4. Lowetsani mzere woyamba. "U" akubwera manja asanaombe, ngati munthu wotukula phazi asanaponde. "SI" akugwera pa 1, "PA" pa 2, "CHE" pa 3, ndipo pa 4 palibe liwu, manja okha, mpata wopumira.

u-SI-pa wo-PA-nda m-CHE-nga

Taonani kuti maphatikizo akuyenda atatuatatu, lolemera lili pakati: lachiwiri, lachisanu ndi lachisanu ndi chitatu. Kayendedwe ka patatupatatu kameneka makutu athu anakazolowera m'magule ndi m'nyimbo za pamtondo, n'chifukwa chake mzerewu umangoimbika wokha. Mzere woyamba ukakhazikika chonchi, wasanduka muyeso. Mizere ina yonse iyenera kulowa m'chikombole chomwechi.

Apa ndi pomwe tinakodwa. Mayiwa ali ndi ambulera yofiira pabenchi lawo, ndipo ankafuna mzere wakuti "pa ambulera yofiira". Kuwerenga maphatikizo, alipo asanu ndi anayi, ofanana ndendende ndi mzere woyamba. Munthu wongowerenga angati zatheka. Koma imbani ndi manja mumve:

pa-A-mbu le-RA-yo fi-I-ra

Liwu lakuti ambulera timalemera pa "le", koma manja akugwera pa "a" ndi pa "ra". Zotsatira zake, khutu likumva "paambu lerayo", mawu amene kulibe m'Chichewa. Pachimkuzamawu, pakati pa phokoso la msika, palibe angadziwe kuti mukunena ambulera. Kuchuluka kwa maphatikizo kukhoza kufanana, koma ngati kulemera kwake sikugwera pamodzi, mzerewo ndi wolakwika.

Zikatere musakakamize nyimbo, sinthani mawu. Tinayang'ana chizindikiro china, ndipo benchi lawo layandikana ndi mpopi wa msika. Zinatithandizanso kwina, chifukwa ambulera imasuluka ndi dzuwa, ndipo mnzawo atha kugula yofiira mawa, pomwe mpopi suchoka.

pa-FU-pi ndim-PO-pi wa-MA-dzi

Mwaona chimene chachitika ndi "m"? Iyi ndi mfundo yaing'ono koma imapulumutsa mizere yambiri. M'mawu ngati mchenga, mpopi, mtengo, msika, "m" woyambayo amaima payekha ngati phatikizo, chifukwa kale anali "mu". Poimba muli ndi ufulu womupatsa malo ake kapena womumeza. Mu mzere woyamba tamupatsa malo, m-CHE-nga, kuti maphatikizo akwane asanu ndi anayi. Mu mzere wa mpopi tamumata ku "ndi", n'kukhala "ndim", kuti "PO" agwere pa 2. Njira zonse ziwiri zimamveka bwino kukhutu. Mzere ukachuluka kapena kuperewera ndi phatikizo limodzi, yambani mwayang'ana ngati muli "m" wotere musanaufafanize.

Unatsala mzere umodzi. Chiyeso chimakhala chofuna kulowetsapo bonya uja tinamusiya. Kanani. Mzere wotsalawo ugwire ntchito yoonetsa phindu la uthenga womwewo m'khitchini ya wogula. Usipa ukakhala wopanda mchenga, ntchito imachepa pati? Potsuka.

tsu-KA-ni ka-MO-dzi phi-KA-ni

Walowa m'chikombole popanda kumukankha. Mawu olamula otha ndi "-ni", monga gulani, lawani, imani, bwerani, onse ali ndi maphatikizo atatu olemera pakati, choncho ndi anzanu pa kayendedwe kameneka. Kanyimbo konse kanakhala motere:

Usipa wopanda mchenga,
Tsukani kamodzi, phikani!
Pafupi ndi mpopi wa madzi,
Usipa wopanda mchenga!

Maphatikizo 36, kuomba m'manja 16, pafupifupi masekondi 11. Uthenga ukutsegula, uthenga ukutseka, kotero wofika mochedwa ndi wochoka msanga onse aumva. Dzina la katundu ndi liwu loyambirira, palibe moni, palibe "abale ndi alongo".

Mwina uthenga wanu sudzayenda patatupatatu. Mawu ena amayenda paŵiripaŵiri kapena panayipanayi, monga "ambulera yofiira" yemweyo, amene akanakhala mzere woyamba akanatipatsa chikombole china cholemera pa phatikizo lachitatu ndi lachisanu ndi chiwiri. Lamulo ndi lomwelo: mzere wa uthenga ndi umene umalamula, inayo itsatire. Ndipo musataye nthawi kufunafuna mawu otha mofanana kumapeto kwa mizere. Nyimbo zathu zimagwira mtima ndi kubwereza ndi kuvomerezana, osati ndi mathero ofanana.

5. Chuni chichokere m'kalankhulidwe, osati m'nyimbo ya mwini

Chichewa chili ndi kukwera ndi kutsika kwa mawu kumene kumasintha tanthauzo. Mtengo wa mango ndi mtengo wa katundu amalembedwa chimodzimodzi, koma pakamwa timawasiyanitsa ndi kakwezedwe ka liwu. Chuni chikamakwera pomwe liwu limatsika, mawu amasokonekera. Njira yosavuta ndi iyi: nenani mzerewo mokuwa, monga mmene mumaitanira makasitomala, kasanu kapena kakhumi. Mudzamva kuti pali kale kanyimbo m'kuitanako. Kokerani pang'ono pomwe mawu akukwera, tsitsani pomwe akutsika, ndipo chuni chabadwa. Chisapitirire manoti anayi kapena asanu oyandikana, choti mwana ndi gogo onse atha kuchiimba osakuwa. Mzere womaliza utsikire pansi kuti khutu limve kuti zatha.

Ngati muli ndi oimba awiri, gawanani ngati pagule: mmodzi atsogolere mzere woyamba ndi wachitatu, wina kapena gulu livomere wachiwiri ndi wachinayi. Pa kanyimbo ka usipa, mayi eni ake anatsogolera, ana awo awiri aakazi n'kumavomera. Mawu a mwini malonda ali ndi phindu lake, chifukwa wogula akafika pabenchi n'kumva liwu lomwelo likumupatsa moni, amadziwa kuti wafika.

Chimene ndikukuletsani ndi mtima wonse ndi kutenga nyimbo yotchuka n'kuisintha mawu. Ndikudziwa kuti n'kosavuta ndipo anthu amaigwira msanga. Koma nyimboyo ili ndi mwini wake, lamulo la zaumwini wa ntchito zaluso la 2016 limamuteteza, ndipo bungwe la COSOMA lilipo kuti liziyang'anira zimenezi. Ku wailesi atha kukubwezani nayo. Kupatula lamulo, anthu amakumbukira nyimbo yeniyeniyo n'kumaimba mawu ake akale, usipa wanu n'kuiwalika. Pewaninso chuni chofanana ndi nyimbo ya chipani, ya timu ya mpira kapena ya pamaliro. Benchi lanu limadyera anthu a mbali zonse. Mukapeka chuni, imbirani anthu awiri achikulire ndi kuwafunsa ngati chikuwakumbutsa nyimbo ina, chifukwa nthawi zambiri timaba osadziwa.

Ngati mwalemba ntchito woimba kapena wa situdiyo, lembani pakapepala kuti mwalipira zingati ndiponso kuti kanyimboko mugwiritse ntchito pati ndi kwa nthawi yaitali bwanji. Nonse musaine.

6. Yesani musanajambule

Imbirani mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri kawiri kokha, mumusiye akasewere. Pakatha ola limodzi mufunseni aimbe. Mzere umene waiwala kapena kuusintha ndi umene uli ndi vuto, ndipo kawirikawiri mmene wausinthira ndi mmene unayenera kukhalira. Kenako pezani wamkulu amene sadziwa bizinesi yanu, aime patali mamita khumi wailesi ikulira pambali, mumuimbire kamodzi, n'kumufunsa mafunso awiri: akugulitsa chiyani, ndipo ali pati? Akalephera limodzi, bwererani ku gawo 4. Achibale musawafunse ngati kali bwino, adzangoti kali bwino.

7. Jambulani

Foni wamba ndi yokwanira. Lowani m'chipinda chogona momwe muli matiresi, makatani ndi zovala zopachika, chifukwa zimenezi zimameza mawu obwerera kuchokera kukhoma. Pabalaza lopanda katundu ndi m'bafa mawu amamveka ngati muli m'chitsime. Ngati denga ndi la malata, musajambule mvula ikuwaza kapena masana dzuwa likamathetheretsa malata. Nthawi yabwino ndi usiku anthu atagona, atambala asanayambe.

Ikani foni pa `Airplane mode` kuti wina asakuimbireni pakati. Isanjikeni pa pilo, isakhale m'manja, italikirane ndi pakamwa ngati chikhato chimodzi chotambasula, ndipo muimbire chammbali pang'ono kuti mpweya wa "ph" wa "phikani" usaombe maikolofoni. Woomba m'manja aime kumbuyo, masitepe awiri kapena atatu, apo ayi manja adzaphimba mawu. Jambulani kasanu, musankhe kamodzi komwe liwu lililonse likumveka, ngakhale kena katakoma kuposa apo.

Zida zoimbira zichepe. Kachimkuzamawu ka m'manja sikatulutsa mawu okhuthala a pansi, kotero bezi ndi ng'oma yaikulu zimene mwalipirira ku situdiyo zimangosanduka phokoso lophwanyika. Kamakonda mawu opyapyala, n'chifukwa chake liwu la mayi kapena la mwana limapyoza msika kuposa la bambo wa besi. Manja ndi chisekese chimodzi zakwana. Wa situdiyo akakumvetserani pa masipika ake aakulu, muuzeni kuti mukufuna kumvera pa chimkuzamawu chanu musanalipire.

Pali njira ziwiri zolowetsera nyimbo m'chimkuzamawu. Zimkuzamawu zambiri zili ndi batani la `REC` lojambulira ndi la `PLAY` loimbira, ndipo mutha kuimba molunjika m'menemo. Mukatero musakuwe, imbani ndi mawu apakati, chifukwa mukakuwa mawu amang'ambika ndipo palibe chowakonza. Zina zili ndi polowetsa memore khadi kapena fulashi, ndipo izi ndi zimene ndimalimbikitsa, chifukwa mawu amatuluka oyera ndipo safufutika mukadina batani molakwitsa. Pamafunika fayilo ya `MP3`. Wa situdiyo kapena mnyamata woika nyimbo m'mafoni pamsika pomwepo atha kukusinthirani ndi pulogalamu yaulere ya `Audacity`. Potumizirana pa WhatsApp, tumizani ngati `Document` kuti mawu asafinyidwe. Pogula chimkuzamawu, chiyeseni m'shopu momwemo kuti muone masekondi amene chimasunga, poti zimasiyana.

Chinthu chimodzi chimene pafupifupi aliyense amaiwala: siyani chete kumapeto. Chimkuzamawu chimabwereza nthawi yomweyo chikafika pothera, ndiye kanyimbo ka masekondi 11 kopanda mpata kamalira koposa maulendo 300 pa ola limodzi. Palibe khutu lingapirire zimenezo, ngakhale lanu. Mukamaliza kuimba, pitirizani kujambula muli chete kwa masekondi 20 kapena 30. Mpata umenewo ndi umene mumalankhulira ndi kasitomala, kuwerenga chenji ndi kuika basela, kaja kowonjezera pamulu.

8. Kaimbeni pamsika mwaulemu, ndipo muwerenge

Musanayatse, kaonaneni ndi tcheyamani wa msika kapena wa komiti ya mzere wanu, muwamvetsere. Misika ina ili ndi malamulo ake pa zaphokoso, ndipo kuli bwino kumva pakamwa pawo kusiyana ndi kulandidwa chimkuzamawu anthu akuona. Anzanu oyandikana nawo muwauzenso. Kanyimbo ka usipa kaja sikatchula munthu, koma mnzawo wina wa mayi aja anadandaula kuti kakutanthauza kuti wa ena onse ndi wamchenga. Anakambirana, n'kugwirizana kuti chimkuzamawu chiziloza kunjira yolowera anthu, osati kumabenchi, ndiponso chiziyatsidwa nthawi ya anthu ambiri yokha, m'mawa ndi madzulo anthu akamaweruka. Mukatchula kapena kunyoza mnzanu m'nyimbo, mwadziputira mkangano umene sudzatha.

Chipachikeni m'mwamba, kupitirira mitu ya anthu, ndipo voliyumu isafike kumapeto. Mawu akayamba kusasa kapena kunjenjemera masana, si nyimbo yaonongeka, ndi batire lafooka. Chizimitseni mukatchaje, chifukwa mawu osasa amathamangitsa anthu.

Kuti mudziwe ngati kakugwira ntchito, musadalire ndalama za tsiku limodzi, poti malonda a kumapeto kwa mwezi ndi a pakati pa mwezi safanana. Sungani kope. Nthawi iliyonse munthu wachilendo akafika n'kutchula mawu a m'nyimbo, monga "ndi pano pa wopanda mchenga?", lembani kamzere. Chitani zimenezi masabata anayi. Ngati anthu akuimba kanyimboko koma akukagula pabenchi lina, vuto lili pa mzere wa malo, kapena chimkuzamawu chapachikidwa patali ndi benchi. Ngati palibe akutchula chilichonse, imani nokha patali mumvere, mwina mawu sakumveka. Ngati akubwera kamodzi osabwereranso, nyimbo ilibe mlandu, kayang'aneni katundu.

Kakagwira, musakasinthe. Inu mudzatopa nako sabata yoyamba chifukwa mumakamva tsiku lonse, pomwe wogula amene amabwera Loweruka lokha wangokamva kanayi pamwezi.

Za wailesi ndinene mwachidule. Mawailesi a m'madera, monga Mudziwathu ku Mchinji, Dzimwe ku Mangochi kapena Bembeke ku Dedza, amathandiza ngati omvera ake angathe kufika pamsika panu, ndiponso ngati katundu wanu ndi woti munthu angakwerere kabaza kudzagula. Mtengo wake umatengera masekondi ndi nthawi ya tsiku, choncho pemphani mndandanda wa mitengo, ndipo musankhe nthawi imodzi yomweyo tsiku lililonse m'malo momwaza. Pa masekondi 30, imbani kanyimbo kamodzi, munthu alankhule masekondi 8 kutchula dzina la msika ndi masiku amene mumapezeka, kenako imbaninso. Mayi a usipa aja ndinawauza kuti asapite ku wailesi, chifukwa phindu la milu ya usipa silingabweze ndalamazo ndipo ogula awo onse amadutsa kale pampopi paja. Ndalama imene anasungira wailesi anagulira batire lachiwiri la chimkuzamawu ndi kambale koyera koyesera mchenga popikula.